Chimanga, nshawa na soya zonse zimwa mvula imodzi

Ku Vubwi ambiri amati agawa ndalama chifukwa abzala chimanga, nshawa na soya. Chilala cha 2024 chinaonetsa vuto: mvula ikakana, zonse zitatu zivutikira pamodzi.

Tinene kuti muli na K6,000. Mwaika yonse m'munda, zokolola zatsika na theka, K3,000 yapita. Manje ikani K2,000 m'munda, K2,000 mu mbuzi, K2,000 ku banki. Chilala chimodzimodzi chikudyerani K1,000 chabe.

Koma chenjerani na mbuzi. Chilala zipirira, inde, koma njala ikafika aliyense agulitsa zake, mtengo ugwa. Ndalama ya ku banki ndiyo ikuthandizani kusagulitsa motchipa, olo nayonso ichepa mphamvu unga ukadula. Ndipo chaka cha mvula yabwino, neba amene anaika zonse m'munda azakupitirirani phindu.