Musanagule NVMe, yang'anani kaye m'mimba mwa kompyuta yanu

Makompyuta ambiri amene tikugwiritsa ntchito m'mashopu osindikiza makalata, m'masukulu ndi m'nyumba ndi a kaunjika, amene anagwirapo ntchito zaka zingapo m'maofesi akunja. Akayamba kuchedwa, malangizo amene mwini wake amalandira amakhala amodzi: chotsani disiki yakale ija yozungulira, muikemo SSD. Malangizowa ndi abwino. Koma mukafika pogula, wogulitsa amakuonetsani mitundu iwiri, SATA ndi NVMe, n'kukuuzani kuti NVMe ndiyo yothamanga kwambiri. Sakunama ayi. Chimene angaiwale kukufunsani ndi zaka za kompyuta yanuyo, ndipo apa mpamene ndalama za anthu zimalowera m'madzi.

Mitundu iwiri yonseyi imasunga zinthu m'timatchipi, mopanda chozungulira chilichonse. Kusiyana kwake kuli pa njira imene imalankhulirana ndi bolodi lalikulu la kompyuta, lija amakaniki amati mathabodi. SATA ndi njira yakale imene inakonzedwera madisiki ozungulira, ndipo mtundu wake wothamanga kwambiri, SATA III, umalekezera pa mamegabaiti pafupifupi 550 pa sekondi. NVMe, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 2011, imadutsa m'njira za PCIe zomwenso khadi la zithunzi limagwiritsa ntchito. Pa PCIe 3.0 imatha kufika pa mamegabaiti 3,500 pa sekondi.

Manambalawa tiwaike pa ntchito. Fayilo ya kanema wa ukwati ya magigabaiti 10 imatenga masekondi pafupifupi 100 kuti disiki yozungulira iiwerenge, pamene SSD ya SATA III imatenga masekondi osakwana 20, ndipo NVMe atatu okha. Komabe liwiro limeneli limaoneka pokhapokha ngati kumene fayiloyo ikupita nako kukuthamanga chimodzimodzi. Mukamakopera kanemayo mu fulashi yodzera pa USB 2.0, mudikirabe mphindi zisanu kapena kuposerapo, kaya muli ndi disiki yanji.

Komanso chimene chimachedwetsa kompyuta poyaka kapena potsegula pulogalamu si mafayilo akuluakulu, koma kufunafuna timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri. Disiki yozungulira imayenera kusuntha kasingano kake nthawi iliyonse, pamene SSD yamtundu uliwonse imapeza chinthu nthawi yomweyo. N'chifukwa chake munthu wochoka pa disiki yozungulira kupita pa SSD ya SATA amaona ngati wagula kompyuta yatsopano, pamene wochoka pa SATA kupita pa NVMe, ngati ntchito yake ndi kutayipa makalata ndi kuyenda pa intaneti, amapindula timasekondi tochepa chabe.

Tsopano titenge kompyuta imodzi yodziwika, Dell OptiPlex 7010, imene inatuluka mu 2012. Mukaitsegula simupezamo polowetsa M.2, kampata kaja kamene disiki ya NVMe, yooneka ngati kalula kakang'ono, imalowamo n'kumangidwa ndi kasikuluwu kamodzi. Wina angakuuzeni kuti palibe vuto, gulani adaputala imene imanyamula NVMe n'kulowa pa PCIe. Adaputalayo ilowadi, ndipo Windows 10 idzaiona disikiyo n'kukulolani kusungamo mafayilo. Vuto limabwera mukafuna kuti kompyutayo iziyakira pa disiki imeneyo. BIOS, pulogalamu yaing'ono imene imadzutsa kompyuta Windows isanayambe, siidziwa chinenero cha NVMe pa bolodi la zaka zimenezo. Chizindikiro chake n'chakuti disikiyo sipezeka pa mndandanda wa zoyakira, kapena mukamaliza kuikamo Windows, kompyuta imakuuzani kuti sinapeze poyakira. Pali akatswiri amene amasintha BIOS kuti izi zitheke, koma pakalakwika pang'ono bolodi limafa, ndipo kuthima kwa magetsi pakati pa ntchitoyo n'kokwanira kulipha. Pa mabolodi a Intel, kuyakira pa NVMe kunayamba kupezeka cha m'ma 2014 ndipo kunafala kuyambira 2015.

Kompyuta ngati imeneyi imafuna SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, yooneka ngati kabokosi kathyathyathya. Imagwiritsa ntchito mawaya awiri omwewo amene anali pa disiki yakale, wina wa magetsi, wina wopita ku bolodi, ndipo BIOS imaizindikira popanda kuinyengerera. Zinthu ziwiri zokha muzisamale. Choyamba, mabolodi ambiri a nthawi imeneyo ali ndi polumikiza pa SATA III pamodzi kapena pawiri, pamene potsala ndi pa SATA II, pomwe liwiro limatsika kufika pa mamegabaiti pafupifupi 270. Nthawi zambiri pothamanga ndi pamene palembedwa SATA0, koma buku la bolodilo ndilo limanena zenizeni. Ngakhale bolodi lanu litakhala la SATA II yokhayokha, SSD idzagwirabe ntchito ndipo kusintha mudzakuona. Chachiwiri, mu BIOS sankhani AHCI osati IDE, ndipo muchite zimenezi musanaikemo Windows, chifukwa kusintha pambuyo pake kungalepheretse Windows kuyaka.

Palinso msampha wina kwa amene kompyuta kapena laputopu yawo ili ndi polowetsa M.2. Dzina lakuti M.2 limangonena za maonekedwe, osati chinenero. Alipo madisiki a M.2 amene ndi a SATA, ndipo enanso ndi a NVMe. Yang'anani kumapeto kwa disiki kumene kuli timano tagolide: ya SATA kawirikawiri imakhala ndi timipata tiwiri, pamene ya NVMe imakhala ndi kamodzi. Malaputopu ena a pakati pa 2014 ndi 2016 ali ndi M.2 yolandira SATA yokha, choncho NVMe singalowemo, kapena ikalowa siioneka konse. Kutalika nako n'kofunika. Nambala yakuti 2280 ikutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo disiki yotere singakwane pamalo a 2242.

Kudziwa chimene muli nacho sikufuna ndalama. Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, kenako lembani:

```
msinfo32
```

Pa zimene zitulukezo onani System Model ndi BaseBoard Product, omwe ndi maina a kompyuta ndi bolodi lanu. Ndi maina amenewa, funani buku la kompyutayo pa intaneti muone ngati likutchula M.2 pamodzi ndi mawu akuti NVMe kapena PCIe. Onaninso BIOS Mode. Pakalembedwa Legacy ndiye kuti Windows yanu inaikidwa mwa njira yakale, ndipo kuti muyakire pa NVMe mudzafunika kusintha kupita ku UEFI, ngati bolodi lanu lili nayo.

Ngati buku la bolodi likunena poyera kuti M.2 yake imalandira NVMe, gulani NVMe, makamaka ngati mumakonza makanema kapena kusuntha mafayilo akuluakulu tsiku ndi tsiku. Ngati kompyutayo ndi ya 2013 kapena m'mbuyo mwake, kapena mulibe M.2, tengani SSD ya SATA, ndipo ndalama imene mukanagulira adaputala muwonjezere RAM ngati ili pa magigabaiti 4. Safunsa anadya phula. Popita kogula, tengani pepala lolembapo dzina la bolodi lanu, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa kuti disikiyo ikapanda kuoneka mu BIOS adzakusinthirani.