Thayimutebulo Yabwino Imatsekesa Kope

Anzanga a Fomu 2, kwatsala masabata atatu kuti tilembe Hisitole. Ndaona mathayimutebulo amene mwamata m'makope, ndipo ambiri angolembedwa kuti "kuwerenga" kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ine ndikuti thayimutebulo yotere ikunamizani, chifukwa m'chipinda cha mayeso kope sililowa.

Teremu yatha ndinawerenga za ufumu wa Maravi kanayi konse. Ndikatsegula notsi, zonse zinkaoneka zodziwika. Koma litabwera funso lofuna zifukwa zinayi zimene ufumuwu unagwera, ndinakumbukira chimodzi chokha, nkhondo za Angoni. Zoti Undi ndi Lundu anapatuka kwa Kalonga, zoti Apwitikizi ankachita malonda ndi mafumu ang'onoang'ono mosadzera kwa Kalonga, komanso za malonda a akapolo a Ayao, zonsezi zinatsala m'kope. Maso ankazidziwa, koma mutu ayi.

Ife oyendera nthawi ilibe chifundo nafe. Ndikafika kunyumba pali madzi oti nditunge, ndiye ndimatsala ndi ola limodzi tochi asanafooke. Ola limenelo ndaligawa chonchi.

Sabata yoyamba, mitu 12 imene ndasankha ndiigawa iwiri pa tsiku, Lolemba mpaka Loweruka. Mutu uliwonse ndiwerenga mphindi 20, kenako nditseka kope n'kulemba zimene ndikukumbukira kwa mphindi 10. Ndilemba m'Chingerezi, poti ndi mmene tidzayankhire. Ndikatsegula n'kupeza kuti pa mfundo zinayi ndapeza ziwiri kapena kuchepera, mutuwo ndiuika mtanda.

Sabata yachiwiri ndi ya mitu ya mtanda basi. Apa ndiyamba ndi kulemba, kuwerenga kubwera pambuyo, ndipo ndiwerenga zokhazo zimene ndaphonya. Zaka ngati 1891, pamene Angerezi anaika dziko lino pansi pa ulamuliro wawo, tizifunsana panjira popita kusukulu.

Sabata yachitatu ndi ya mapepala akale a JCE. Ndipempha kwa aphunzitsi, ndiyankha osasuzumira, mchemwali wanga akundiwerengera nthawi. Loweruka ndilemba pepala lathunthu. Usiku womaliza sindiyamba mutu watsopano, ndigona.

Wina anena kuti, "Aise, kutseka kope n'kutaya nthawi, notsi ndi zambiri." N'zoona, njirayi ndi yochedwa, ndipo imachititsa manyazi ukaona pepala lako lili mbuu. Komanso siithandiza pa mutu umene sunaumvetse m'kalasi. Umenewo kafunseni aphunzitsi sabata yoyamba yomweyi. Koma kuli bwino manyaziwo akupeze kunyumba kudakali masiku, kusiyana n'kuti akupeze pa desiki, oyang'anira mayeso ataima pambali pako.

Madzulo ano yesani: tsekani kope, lembani zifukwa zinayi zija. Mukapeza zosakwana zitatu, thayimutebulo yanu ilembedwenso.