Kalata kwa Mkulu wa Zaumoyo ku Mzimba: Diso Lofiira Liti Lingadikire Pakhomo?

Olemekezeka bwana,

Ndikulemba kuchokera ku Engutwini. Mukukumbukira 2024, pamene nthenda ya maso ofiira inabuka ku Karonga mu Febuluwale n'kufalikira m'maboma ena. Uthenga wa nthawi imeneyo unali woti tizisamba m'manja ndi sopo, tisabwerekane mataulo, tipite kuchipatala. Unali uthenga wabwino. Koma munthu wakumudzi, amene ulendo wa kuchipatala umamudyera tsiku lathunthu ndi ndalama ya kabaza, ali ndi funso lina: diso langali lingadikire, kapena ndinyamuke lero?

Pakhomo pathu funsoli linatigwera kawiri. Mdzukulu wanga anadzuka diso limodzi litafiira, likutuluka misozi yoyera, akuti muli ngati mchenga. Patapita masiku awiri linzake linatsatira, kenaka mlongo wake nayenso anayamba. Ndinamutseka diso limodzi ndi chikhatho n'kumuwerengetsa zala ali chapatali, ndipo anawerenga bwino ndi diso lililonse. Gawo lakuda la diso linali lowala bwino ngati galasi. Kumeneko ndiko kudwala kwa vairasi: kumayenda m'nyumba, ndipo kawirikawiri kumatha kokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Tinkawiritsa madzi, kuwaziziritsa, n'kupukuta kuchokera chakumphuno kupita chakukhutu, diso lililonse kansalu kakekake. Kansalu konyowa ndi madzi ozizira, kosanjika pachikope, kankamuchepetsera kuwawa. Sitinathiremo china chilichonse.

Mlamu wanga ndiye anali ndi nkhani ina. Pokolola, tsamba la chimanga linamukwapula m'diso. Linafiira limodzi lokhalo, linkapweteka mpaka m'mutu, ndipo kuwala kwa dzuwa kunali mdani wake. Iye anati ndi maso ofiira omwewo, nadontheza mankhwala ogula pamsika. Patapita masiku angapo, pagawo lakuda panaoneka kadontho koyera. Chinali chilonda, ndipo lero diso limenelo limangoona ngati muli nkhungu. Mankhwala ena odontheza, monga okhala ndi dekisamethazoni, amachotsadi kufiira msanga, koma pa chilonda amangopatsa mphamvu tizilombo.

Maso a anthu awiriwa anali ofiira mofanana, bwana, ndipo kufiirako sikunatiuze kanthu. Chotiuza zoona ndi zotuluka m'diso, mtundu wa ululu, ndi mmene munthu akuonera. Utsi wa m'khitchini ndi fumbi la mu Okutobala zimafiiritsa maso onse awiri nthawi imodzi, misozi ili yoyera, ndipo munthu akachoka pa utsipo n'kusamba m'maso amapezako bwino, sapatsiranso mnzake. Diso loyabwa kwambiri, lobwerabwera nyengo yake ikakwana, nthawi zambiri limakhala loti ladana ndi fumbi kapena mungu. Manthongo olimba achikasu, omata zikope m'mawa n'kubweranso ukangopukuta, amaloza kwa mabakiteriya, ndipo apa mpamene mafuta a tetrasaikilini ochokera kuchipatala amagwira ntchito. Pa vairasi mafutawo sachiza kanthu.

Zimene sizigona pakhomo n'zochepa, zoti mwana wa sukulu angaloweze: kusaona bwino, ululu wa m'kati, kuopa kuwala, kadontho koyera pagawo lakuda, ndi diso lovulala. Mankhwala a mbewu kapena laimu zikagwera m'diso, munthu atsuke ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena 20 asananyamuke. Khanda losakwana mwezi likatupa zikope n'kumatuluka mafinya, lipite tsiku lomwelo, chifukwa chikhoza kukhala chinzonono chotengera pobadwa, chimene chimatha kuboola diso m'masiku ochepa. Nthenda yomweyo ndiyo imandiopsa ndikamva wina akulangiza kudontheza mkodzo. Mkaka wa m'mawere ndi madzi a masamba nazo sizolowa m'diso.

Pempho langa nali. Alangizi a zaumoyo amakumana ndi amayi ku sikelo mwezi ndi mwezi. Apatseni mphindi zisanu zoti asonyeze kutseka diso limodzi ndi kuwerenga zala, komanso kuyang'ana gawo lakuda pa kuwala, ndipo zinenedwe m'Chitumbuka chimene anthu kuno amalankhula. Muuzenso zipatala zazing'ono kuti munthu wa kadontho koyera atumizidwe kwa a maso ku Mzimba boma kapena ku Mzuzu tsiku lomwelo, osamuuza kuti abwerenso sabata yamawa. Dziko lino linakwanitsa kugonjetsa trakoma mu 2022, ndipo mwa zina zinatheka chifukwa chophunzitsa anthu m'midzi kusamba kumaso. Chonde, phunziroli lifike kuno tisanayambe kukolola.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Engutwini