Foni ya malemu si mpando wogawana

Malume anga atamwalira chaka chatha, katundu wawo anagawidwa patapita sabata ziwiri. Njinga inapita kwa mng'ono wawo, jekete kwa wina, ndipo foni inapatsidwa kwa msuweni wanga chifukwa yake inali yosweka galasi. Palibe amene anaona vuto. Ngakhale ine, amene kumudzi amanditcha wa makompyuta, ndinali pomwepo ndikuwomba m'manja.

Msuweni wanga sankadziwa nambala yotsegulira foniyo, choncho anapita nayo kwa wokonza mafoni pamsika, amene anaifufuta yonse. Itayaka inafunsa akaunti ya Google ya mwini wake wakale, monga amachitira mafoni a Android akafufutidwa mwa njira imeneyi. Foni inasanduka njerwa. Pamenepo m'pamene mayi anga anakumbukira kuti zithunzi zomaliza za agogo, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo, anajambula ndi malume pa foni yomweyo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, si iwe uli kusukulu yaukachenjede? Tabweza zithunzi za amayi anga."

Ndinayamba ndili ndi chikhulupiriro chakuti ndikangotsimikiza kuti ndine wachibale, kampaniyo indipatsa pasiwedi. Sizili choncho. Google imanena poyera kuti sipereka pasiwedi ya womwalira kwa wina aliyense. Imene ilipo ndi fomu yokhala ndi zosankha zitatu: kutseka akaunti, kupempha ndalama zotsala mu akauntiyo, kapena kupempha zinthu zosungidwamo. Imafuna chiphaso chanu chaboma ndi chikalata chotsimikiza imfa. Mukapempha zosungidwamo, amaunika kaye pempholo, ndipo akhoza kukuuzani kuti mubwere ndi chilolezo cha khoti la ku America. Tangoganizani, mayi wogulitsa mandasi akasake loya wa ku America chifukwa cha zithunzi makumi awiri.

Pa fomu imeneyi pali msampha umene ndikufuna muudziwe. Mukasankha kutseka akaunti, simungabwerenso mawa kudzapempha zimene zinalimo. Munthu wachisoni amafuna kumaliza zinthu msanga, ndipo kutseka ndiko kumaoneka kosavuta. Ngati muli ndi chiyembekezo chilichonse chopeza zithunzi kapena makalata, musayambe ndi kutseka.

Ku Facebook nkhani ndi yofanana. Mukawatumizira umboni wa imfa amaika akauntiyo pa chikumbutso, ndipo pafupi ndi dzina pamalembedwa kuti Remembering. Zimene munthuyo analemba zimaonekabe kwa amene ankaziona kale, koma palibenso amene angalowemo. Wachibale angathe kupempha kuti ichotsedwe, ndipo njira yachidule ndi chikalata cha imfa chomwe chija. Mauthenga amseri kawirikawiri sapatsa aliyense, ngakhale munthu amene malemu anamusankha okha kuti adzayang'anire tsambalo.

Masiku oyamba ndinakwiya. Pano ndikuona kuti pa nkhani ya pasiwedi makampaniwa akulondola, ndipo chimene chinandisintha maganizo ndi simu khadi ya malume, imene inali m'thumba langa nthawi yonseyi. Ndikanatha kuiika mu foni yanga, kudina Forgot password? n'kuyesa mwayi ndi nambala yobwera pa uthenga. Nditauza mayi, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ukatsegula, uona zithunzi zokha?" Ndinayankha kuti ayi, ndiona zonse: makalata, ngongole, zimene ankafufuza usiku, anthu amene ankalankhula nawo. Anati, "Achimwene anali ndi zawo. Zisiye."

Ndipo chinsinsicho si cha malemu okha. Aliyense amene anawalembera za matenda ake kapena za mavuto a m'banja mwake akadali moyo, ndipo sanavomere kuti mwana wa mlongo wawo awerenge. Palinso funso limene ife timalidziwa kuposa azungu: wachibale wake uti? Mkazi wamasiye, mwana woyamba, kapena mwinimbumba? Dziko lathu linachita kukhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, limene limati kulanda chuma chimenechi ndi mlandu, chifukwa achibale ena amafika pamaliro maso ali pa katundu. Kampani ikanamapereka pasiwedi kwa amene wayamba kupempha, ikanakhala ikuthandiza iwowo.

Wina anganene kuti munthu akafa zonse zimakhala za otsala, monga mabuku ndi makalata a m'sutikesi amene timawerenga popanda kupempha. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo ndinaiganizira usiku wambiri. Koma m'sutikesi munthu amasungamo zimene wasankha, akudziwa kuti tsiku lina idzatsegulidwa. Foni imasunga ngakhale zimene mwini wake anaiwala kuti anachita.

Pamene sindigwirizana ndi makampaniwa ndi pa mapepala. Njira zawo zinapangidwira maiko amene imfa iliyonse imalembedwa. Malume anamwalirira kunyumba, amfumu anapereka manda, ndipo kwa ife nkhani inathera pomwepo. Chikalata cha imfa chimachokera ku nthambi ya kalembera ya boma, ya NRB, ndipo m'banja mwathu palibe amene anachiganizira mpaka fomu ya Google itachifuna. Kalata ya amfumu, imene kwathu ndi umboni wokwanira, kampani ya kutsidya kwa nyanja siidziwa. Ndiye ngati m'banja mwagwa zovuta, wina alondole chikalatachi maliro akangotha. Chidzafunikanso ku banki ndi pa ndalama za pa foni, kumene kawirikawiri amafunanso kalata yosonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyang'anira chuma cha malemu.

Nthawinso siidikira kuti misozi iume. WhatsApp imafufuta akaunti imene yakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa pa intaneti, ndipo mauthenga ake kampaniyo siisunga kuti ikupatseni: amakhala mu foni, kapena mu kope limene mwini wake anasunga ku Google Drive. Simu khadi ikakhalitsa osagwira ntchito, nambalayo imadzapatsidwa kwa munthu wina, ndipo tsiku lina mudzaona nkhope yachilendo pa dzina la malemu. Google nayo ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Kwa ife, zolankhula za malume pa WhatsApp zinapita tsiku lomwe foni inafufutidwa pamsika paja. Zikanakhala kuti foniyo inasungidwa m'kabati kwa mkazi wawo mpaka banja litakambirana, pakanakhala poyambira.

Zithunzi za agogo tinazipeza zisanu ndi chimodzi, osati kudzera ku kampani iliyonse. Ndinalemba pa gulu la banja kupempha aliyense afufuze zimene malume anamutumizirapo, ndipo azakhali a ku Joni anali nazo mu foni yawo yakale. Chimodzi mayi anachitsukitsa, chili pakhoma.

Sabata yomweyo ndinatsegula Inactive Account Manager pa akaunti yanga ya Google. Umasankha kuti ukakhala chete miyezi 3, 6, 12 kapena 18, anthu amene wawatchula, osapitirira khumi, adziwitsidwe, ndipo umasankhanso zimene aliyense adzalandire. Ndinaika miyezi 6, ndinatchula mchemwali wanga, ndinamupatsa zithunzi zokha, makalata ayi. Nditamuuza anandikalipira kuti ndikudziitanira imfa, ndipo anakhala masiku awiri osandiyankha. Tsiku lachitatu anatumiza uthenga wofunsa kuti zimenezi amadina pati.