Maola 72 si lonjezo

Pafupifupi aliyense amene anamvapo za mapiritsi olera a pangozi amadziwa nambala imodzi yokha: maola 72. Atsikana amauzana nambala imeneyi, ogulitsa mankhwala amaitchula popereka paketi ya Postinor-2, ndipo anthu ambiri amaimva ngati lonjezo loti ukangomwa masiku atatu asanathe, basi mimba palibe. Ndikufuna ndinene mosabisa kuti kamvedwe kameneka kakupweteketsa amayi ambiri. Chimene chimalamula ngati piritsi ligwire ntchito ndi tsiku limene dzira la mayi litatuluke, ndipo dziralo siliwerenga maola kuyambira usiku umene kondomu inaphulika.

Umuna ukalowa m'thupi la mayi ukhoza kukhala wamoyo mpaka masiku asanu, ukudikira. Dzira likatuluka limakhala tsiku limodzi kapena kuchepera apo. Choncho mimba nthawi zambiri siimayamba usiku womwewo wa kugonana. Imayamba tsiku limene dzira lapeza umuna uli kale panjira. Ntchito ya piritsi la pangozi ndi kuchedwetsa dziralo kuti likamadzatuluka, umuna wonse ukhale utafa. Piritsi silichotsa mimba, ndipo ngati mimba inalipo kale silingaigwetse. Koma tanthauzo lina la mfundo yomweyi ndi lowawa: ngati dzira latuluka kale, palibe chotsala choti piritsi lichedwetse. Kafukufuku amene anachitika ku Chile anasonyeza zimenezi momveka bwino. Amayi amene anamwa levonojesitirelo dzira lisanatuluke sanatenge mimba, pamene amene anamwa litatuluka kale anatenga mimba pa mlingo womwe akanatengera akanapanda kumwa kanthu.

Levonojesitirelo ndiye mankhwala amene ali mu Postinor-2 ndi mapiritsi ena ambiri a pangozi amene timawaona m'mafamase ndi m'zipatala zathu. Mlingo wake ndi mamiligalamu 1.5. Paketi ikakhala ya mapiritsi awiri, onse akhoza kumwedwa nthawi imodzi, ndipo ndi bwino kutero kusiyana ndi kusunga lachiwiri n'kuliiwala. Pali piritsi lachiwiri, ulipirisitali, la mamiligalamu 30, limene limagulitsidwa ndi dzina loti ellaOne ndipo ndi lololedwa mpaka maola 120. Kusiyana kwa awiriwa kuli pa maola ochepa chabe, koma ndi maola amene mimba imakhalapo. Kukatsala tsiku limodzi ndi theka kuti dzira lituluke, thupi limathira m'magazi mchere winawake wa m'thupi umene umalamula kuti dziralo limasuke. Mcherewu ukangoyamba kukwera, levonojesitirelo sangaletsenso kanthu. Ulipirisitali amathabe kugwira dzira mcherewo ukukwera, mpaka utafika pachimake. Tsoka lake ndi lakuti sapezeka wamba kuno ngati mnzakeyo.

Tiyerekeze mayi amene amasamba masiku 28 aliwonse, ndipo msambo wake unayamba pa 1 mwezi uno. Dzira lake likuyembekezeka cha pa 14. Kondomu ikaphulika usiku wa pa 9, umuna ukhoza kukhala wamoyo mpaka pa 14, ndiye ngozi ilipo ndithu. Koma akamwa levonojesitirelo m'mawa wa pa 10, thupi limakhala lisanayambe kulamula dzira, ndipo piritsi lili ndi mwayi waukulu wolikankhira kutsogolo mpaka umuna utafa. Tsopano mayi yemweyo kondomu imuphulikire usiku wa pa 12. Akadzuka n'kumwa piritsi masana a pa 13, papita maola ochepa kwambiri poyerekeza ndi 72 aja, komabe akhoza kukhala atachedwa kale, chifukwa mchere uja ukhoza kukhala utayamba kukwera. Akati adikire mpaka pa 15 poti "nthawi ikadalipo", ndiye kuti akutseka khola mbuzi itatuluka kale. Apa m'pamene ndimati uphungu woti "muli ndi masiku atatu" ndi wosocheretsa. Uphungu woona ndi woti imwani lero, ola lomwe lino ngati n'kotheka, chifukwa palibe mayi amene amadziwa motsimikiza tsiku la dzira lake, ndipo ngakhale wa msambo wosaphonya dzira lake limatha kufulumira kapena kuchedwa ndi masiku angapo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati mwa amayi 100 omwa levonojesitirelo, mmodzi kapena awiri amatengabe mimba, ndipo kwa ulipirisitali amakhala pafupifupi mmodzi. Nambalazi zimaoneka zokoma, koma tizikumbukira kuti ambiri mwa amayi 100 amenewo sakanatenga mimba ngakhale akanapanda kumwa, poti si tsiku lililonse limene mayi angatenge pathupi. Kwa mayi wa pa 12 uja, mwayi woti piritsi limulephere ndi waukulu kuposa mmene nambalazo zikuonetsera.

Tiwonjezere chinthu china: mayi wathuyu amalemera makilogalamu 82. Mu 2011 akatswiri anaunikanso zotsatira za kafukufuku wa mapiritsi awiriwa ndipo anapeza kuti amayi onenepa kwambiri ankatenga mimba kuchulukitsa katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo a thupi lapakatikati, makamaka amene anamwa levonojesitirelo. Chifukwa chake chikuoneka kuti ndi chakuti m'thupi lalikulu mlingo womwewo wa mankhwala umafika m'magazi uli wochepa mphamvu. Ndiye malangizo a madokotala a ku Britain amati levonojesitirelo akhoza kufooka mwa mayi wopitirira makilogalamu 70, ndipo ulipirisitali akhoza kuyamba kufooka mayi akapitirira makilogalamu 85. Makilogalamu 70 si thupi lachilendo ayi. Amayi ambiri amene timati ali ndi thupi labwino, makamaka amene anaberekapo, amafika pamenepo, ndipo ndi kamodzikamodzi kuti wogulitsa mankhwala afunse za kulemera asanapereke paketi.

Nkhani ya kulemerayi akatswiri sanaimalize kukambirana. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaiunika mu 2014 n'kunena kuti umboni sunali wokwanira kuti amayi olemera aletsedwe mapiritsiwa. Ku Britain amalangiza kuti mayi wotere amwe ulipirisitali, kapena levonojesitirelo wowirikiza kawiri, mamiligalamu atatu, ngakhale kafukufuku wa ku America wa mu 2022 anapeza kuti kuwirikizako sikunathandize kwenikweni kuletsa dzira mwa amayi onenepa. Maganizo anga ndi awa: mayi wolemera asakanizidwe piritsi, ndipo ngati ndi lokhalo limene lilipo amwe msanga, koma auzidwe zoona kuti likhoza kumulephera, ndi kuti pali njira ina imene siisamala za sikelo.

Njira imeneyo ndi lupu wa kopa, yemweyo amene amayi amaikitsa polera kwa zaka khumi kapena kuposerapo. Anthu ochepa amadziwa kuti lupu ndi njira yolera ya pangozi, ndipo ndiyo yamphamvu koposa zonse: mwa amayi 1,000 oikidwa lupu pangozi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amatenga mimba. Kopa amafoola umuna kuti usafike pa dzira, komanso amasintha m'kati mwa chiberekero, choncho lupu amagwirabe ntchito ngakhale dzira litatuluka. Amaikidwa masiku asanu asanathe chichitikireni kugonanako. Mayi wathu wa pa 12 akhoza kuikidwa mpaka pa 17, ndipo makilogalamu ake 82 sasintha kanthu. Zovuta zake zilipo: pafunika namwino kapena dokotala wophunzitsidwa, pamakhala kupweteka m'mimba poika, ndipo msambo umatha kuchuluka miyezi yoyamba. Mayi amene ali ndi mafinya otuluka pa khomo la chiberekero ayenera kuchizidwa kaye. Amene sakumufuna kwa nthawi yaitali akhoza kukachotsetsa msambo wotsatira ukabwera. Chimene chimandiwawa ndi chakuti mayi akafika pa chipatala n'kunena kuti wachita ngozi, dzanja limathamangira ku piritsi, lupu osatchulidwa n'komwe. Choncho mayi azifunsa yekha, kaya ndi ku chipatala cha boma kapena ku Banja La Mtsogolo: "Kodi mungandiike lupu lero?" Ngati auzidwa kuti abwere mawa, amwe piritsi lero lomwelo kenako abwerebe mawalo.

Pali gulu lina la amayi amene lupu ndi wowayenera kwambiri, ndipo kuno kwathu si ochepa. Mankhwala ena amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mapiritsi olera: rifampisini wa chifuwa chachikulu, efavirenzi amene anali m'ma ARV amene ambiri ankamwa kale, ndi mankhwala ena a khunyu monga kabamazepini ndi fenitoyini. Mphamvu imeneyi imapitirira mpaka milungu inayi munthu atasiya kumwa. Mayi wotere ulipirisitali samuyenera, ndipo akasankha levonojesitirelo amwe wowirikiza kawiri. Dolutegilaviya, amene ambiri akumwa masiku ano, alibe vutoli.

Kumene kulibe chilichonse mwa izi, mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku monga Microgynon amatha kuthandiza: anayi nthawi imodzi, ena anayi pakatha maola 12, osakhudza abulauni a kumapeto kwa paketi aja. Mphamvu yake ndi yocheperapo ndipo mseru umavuta.

Kumwa piritsi si mapeto a nkhani. Mayi akasanza maola awiri asanathe, kapena atatu ngati anamwa ulipirisitali, amwenso lina. Chimene chimagwetsa ambiri ndi ichi: piritsi langochedwetsa dzira, ndiye dziralo likubwerabe. Mayi amene wamwa pa 10 n'kugonanso wopanda chitetezo pa 16 poganiza kuti "mankhwala akadali m'thupi" akhoza kukumana ndi dzira lomwe analikankha lija. Wamwa levonojesitirelo akhoza kuyamba jakisoni, mapiritsi kapena kachipangizo ka pamkono tsiku lomwelo, n'kumagwiritsa ntchito kondomu masiku asanu ndi awiri oyamba. Wamwa ulipirisitali adikire masiku asanu asanayambe njira zimenezi, chifukwa mankhwala ake amalimbana ndi piritsilo n'kulifoola. Ndipo ngati ngoziyo inali ya kugwiriridwa, kapena mnzakeyo sakudziwika mmene magazi ake alili, apemphenso mankhwala oteteza ku HIV a masiku 28, amene ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Piritsi lolera ngakhalenso lupu sizitchinga kachilombo.

Msambo ukhoza kubwera msanga kapena kuchedwa pang'ono, ndipo zimenezo zisadetse nkhawa. Koma ukachedwa kupitirira masiku asanu ndi awiri, kapena ukabwera wochepa modabwitsa, mayi ayezetse mimba. Kuyeza kumapereka yankho lodalirika pakatha milungu itatu chichitikireni ngoziyo. Akamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, makamaka pamodzi ndi chizungulire, apite ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imayamba choncho.