Kodi ovataimu ya K60,000 yathera kuti?

Mwezi ukatha, m'maofesi a pa boma la Mzimba akalaliki a malipiro amalandira mafunso ofanana. Titenge chitsanzo cha mkulu wina woyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo zinthu pa Jenda, pamene likulu la kampani yake lili pa boma. Mu Novembala 2024 anagwira ntchito mpaka usiku kutsitsa matumba a feteleza, ndipo anamulembera ovataimu ya K60,000. Uthenga wa kubanki utalowa pafoni, anapeza K284,500, pamene mwezi wa Okutobala analandira K269,500. Thukuta lonse lija, kusiyana kwake K15,000 yokha? Analemba mizere iwiri kufunsa kuti ndalama yake yapita kuti.

Kalaliki wa malipiro anakonza yankho la paimelo m'Chingerezi chosalala. Mfundo yake inali yoti zonse zadulidwa motsatira malamulo, ndipo bamboyo aonenso peyisilipi imene aiphatikiza. Kodi pamenepa munthu wayankhidwa? Peyisilipiyo ali nayo kale m'thumba, ndipo ndiyo yamuzunguza mutu. Mukamutumizira kachiwiri, mwamuuza chiyani, kupatula kuti sadziwa kuwerenga?

Ife tikuti imelo yotere isatuluke mu ofesi isanakonzedwe, ndipo poyamba kukonza ndi pa mawu akuti "motsatira malamulo". Lamulo liti? Pa zinthu zisanu zimene zadulidwa kwa bamboyu, ziwiri zokha ndi zimene boma linalamula. Choyamba ndi msonkho wa PAYE umene olemba ntchito amadula n'kupereka ku bungwe la MRA. Chachiwiri ndi penshoni, imene lamulo limati wantchito azisonkha yosachepera 5 peresenti ndipo womulemba ntchito aziwonjezera yosachepera 10 peresenti kuchokera m'thumba mwake. Zitatu zotsalazo, ngongole ya ku SACCO, adivansi ndi ndalama ya welofeya, zimachoka chifukwa mwiniwake anavomera n'kusayina. N'chifukwa chiyani tikuziponya zonse m'dengu limodzi? Munthu ukamuuza kuti ndi lamulo, amangokhala chete poganiza kuti palibe chochita. Koma ngongole ili ndi tsiku lothera, ndipo adivansi ikadulidwa kamodzi yatha. Kodi si zimenezi zomwe akufuna kumva?

Funso lake silinali loti pa peyisilipi pali chiyani. Anafunsa kusiyana kwa miyezi iwiri, ndipo yankho liyambire pomwepo. Malipiro ake a pamwezi ndi K400,000. Pa mlingo wa msonkho umene unayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho, ndipo K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti. Mu Okutobala msonkho unawerengedwa pa K250,000, n'kukwana K62,500. Mu Novembala ovataimu inakweza ndalama yonse kufika pa K460,000, msonkho unawerengedwa pa K310,000, n'kukwana K77,500. Apa ndi pamene antchito ambiri amaphonya: gawo losadulidwa msonkho lija malipiro a pamwezi analimaliza kale, choncho pa K100 iliyonse ya ovataimu, K25 inapita ku msonkho. K15,000 yachoka pamenepo. Ndiye pali K30,000 ya adivansi imene anatenga pakati pa mwezi kuti akaone mayi ake ali kuchipatala ku Embangweni. Penshoni ya K20,000, ngongole ya K45,000 ndi welofeya ya K3,000 sizinasinthe. Pa K60,000 mukachotsa K15,000 ndi K30,000, yotsala ndi K15,000 imene bamboyu waiona.

Ngati masamu ake ndi afupi chonchi, imelo italikirenji? Ikhoza kuyenda motere:

"Adada, zikomo chifukwa chofunsa. Ovataimu yanu ya K60,000 yalowa yonse m'malipiro a Novembala. Pa ndalama imeneyi, K15,000 yapita ku msonkho, ndipo tadula adivansi ya K30,000 imene munatenga pa 12 Novembala. N'chifukwa chake ndalama yolowa kubanki yakwera ndi K15,000 yokha. Adivansiyo yatha, mwezi wamawa sidulidwanso. Chonde yerekezani maola a ovataimu amene talemba ndi amene ali m'kaundula wanu ku Jenda. Ngati akusiyana, ndiimbireni lisanafike Lachisanu."

Pansi pake ndi pamene payenera kubwera mndandanda wa zodulidwa zonse zisanu, chilichonse pamzere wakewake, ndalama ya Okutobala ndi ya Novembala zitayandikana, ndi chiwonkhetso cha K175,500 chimene munthu angathe kuchitsimikiza ndi kakyuleta ya pafoni.

Tsopano tifunse mafunso amene wolemba aliyense ayenera kudzifunsa asanatumize. Kodi bamboyu awerengera pati? Pa kafoni kam'manja, ataima m'mbali mwa msewu wa M1, bandulo ili pafupi kutha. Ngati yankho mwalibisa m'chikalata chophatikiza chimene sichitseguka, mwayankha ndani? Nanga zidule zimene makina a malipiro amasindikiza, zilembo zitatu kapena zinayi zopanda tanthauzo kwa munthu wamba, mwazimasulira? Nanga chinenero? Kum'mwera kwa Mzimba, kaya ndi ku Luwerezi, ku Khosolo kapena ku Edingeni, anthu ambiri pakhomo amalankhula Chitumbuka. Palibe choletsa kalaliki kulemba mizere yoyamba ija m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, manambala n'kukhala omwewo. Kodi Chingerezi cha mu ofesi tikulembera wantchito, kapena tikulembera bwana amene angadzaone imeloyo?

Ndipo bwanayo, pamodzi ndi kapitawo wa ku Jenda ndi mlembi wa pakhomo, akufunika kuilandira? Ngongole ya munthu ndi chinsinsi chake. Pa Jenda anthu amadziwana, ndipo nkhani yoti uje ali ndi ngongole ya K45,000 pamwezi siigona tulo isanafike kumsika. Imeloyi ipite kwa mwiniwake yekha.

Pali funso lina lowawa, limene tikulilunjika kwa akalaliki eniake. Musanayambe kusalaza mawu, kodi mwawerengetsanso? Kapena mwayamba mwaganiza kuti makina sanama, wolakwa ndi wofunsayo? Zolakwika zimachitika, ndipo zili ndi zizindikiro zake. Ngati penshoni yodulidwa ikufika K60,000 pa malipiro a K400,000, ndiye kuti gawo la olemba ntchito lasenzetsedwa wantchito. Ngati pa zodulidwa pakuoneka ndalama ya TEVET, pamenepo pasokonekera, chifukwa 1 peresenti imeneyo amalipira ndi olemba ntchito. Ngati mlingo wa msonkho unasintha ndi bajeti koma makina sanasinthidwe, aliyense pakampanipo akudulidwa molakwika. Mukapeza chotere, imelo inene poyera kuti talakwitsa, ndalama yake ndi yakuti, ndipo ibwezedwa pa tsiku lakuti. Mawu akuti "tikuiona nkhaniyi" sagula ufa.

Ena anganene kuti kalaliki mmodzi sangalembere kalata aliyense wodandaula. Tikumva. Koma lamulo la za ntchito la 2000 linanena kale kuti wantchito azilandira, pamodzi ndi malipiro ake, chikalata cholondola chofotokoza ndalama yonse ndi chilichonse chimene chadulidwa. Ngati chikalatacho sichikumveka kwa mwiniwake, kodi mphindi khumi zomufotokozera ndi zochuluka poyerekeza ndi usiku umene iye anakhala akunyamula matumba?

Inu akalaliki a malipiro a pa boma la Mzimba, mwezi uno wina akafunsa, ikani peyisilipi ziwiri pamodzi, pezani pamene zasiyana, ndipo mzere woyamba wa imelo yanu unene kumene kwacha iliyonse yapita.