14 koloko ndi yoyamba kapena ndi yofika?

Pa zilengezo zimene anthu amabweretsa ku wailesi kuti tiwawerengere, zambiri zimatha ndi mzere umodzi: "Nthawi: 14 koloko." Tikafunsa wobweretsayo kuti kodi 14 imeneyi ndi yoti anthu afike kapena ndi yoti msonkhano uyambe, amayamba waseka, kenako n'kunena kuti, "Ikani chabe 13, muwadziwa anthu athu." Ife tiona kuti bodza laling'onoli ndi limene lawononga misonkhano yathu kuposa kuchedwa kwenikweniko. Wokonza amachotsako ola limodzi chifukwa sakhulupirira anthu. Anthu naonso amawonjezerapo ola limodzi chifukwa samukhulupirira. Ulendo wotsatira iye amachotsako maola awiri, iwo n'kuwonjezera awiri. Amene amalangidwa ndi uja amene anakhulupirira chilengezo, amene wakhala pa benchi kuyambira 13 koloko osadya nsima, ndipo mawa lake nayenso sadzafulumiranso.

Nthawi yoyamba ndi mphindi imene chinthu chimene taitanira anthu chichitika, kaya holo yadzaza kaya ayi. Nthawi yofika ndi imene munthu afunika kukhala ali pamalopo kuti zonse za patsogolo zithe: kulembetsa dzina, kupeza pokhala, kuuzidwa dongosolo. Ndi nthawi ziwiri zosiyana, zonse zoona, ndipo zonse ziyenera kulembedwa.

Tisanamizane kuti zimenezi ndi za Azungu. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, umene umachitika pa Chiwelu chomaliza cha Ogasiti, anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambiki ndi kuno kwathu amafika kukali masiku. Tsiku lenilenilo palibe amene amaganiza zolowa m'bwalo pamodzi ndi a Kalonga Gawa Undi. Anthu amakhala pansi, mafumu amakhala m'malo awo, ndiye mwini bwalo atulukira. Pa maliro napo ndi chimodzimodzi: adzukulu amapita kumanda m'mamawa, azimayi ayatsa kale moto, pamene mwambo woika ukali kutali. Makolo analibe wotchi pa dzanja, koma anadziwa kuti wina aliyense ali ndi nthawi yake yofika malinga ndi ntchito yake. Ife a mafoni ndife tinasakaniza zonse mu nambala imodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo cha ntchito imene tiidziwa. Tinene kuti takonza pulogalamu ya ola limodzi yochokera mu holo ya pa boma la Vubwi, yopita pa wailesi nthawi yomweyo kuyambira 14 mpaka 15 koloko. Nkhani ndi ya thandizo la maphunziro a ntchito zamanja lochokera ku thumba la CDF, ndipo tiyembekezera achinyamata 60. Wailesi siidikira munthu. Ikakwana 15, ku situdiyo amatidula ndi kuika pulogalamu ina, ngakhale mtsikana wina ali pakati pa funso.

Nthawi yofika sitiilota, timaiwerenga chobwerera m'mbuyo. Mphindi 10 zomaliza, kuyambira 13:50, ndi zoyesa maikolofoni ndi kuona ngati ku situdiyo atimva bwino. Apa mu holo mufunika bata, chifukwa phokoso la mpando wokokedwa pa simenti limamveka pa wailesi kuposa mawu a munthu. Mphindi 10 za patsogolo pake, kuyambira 13:40, ndi za pemphero ndi kufotokoza mmene mafunso adzayendera. Ndiye pali kulembetsa. Munthu mmodzi kulemba dzina, mudzi ndi nambala ya foni kumatenga pafupifupi mphindi imodzi. Anthu 60 pa matebulo awiri ndi mphindi 30, kutanthauza kuti kulemba kuyenera kuyamba 13:10. Popeza palibe amene amasunga 13:10 m'mutu, tinena kuti kufika ndi 13 koloko. Ife onyamula mipando ndi jenereta nthawi yathu ndi 12, ndipo imeneyo siilowa m'chilengezo cha anthu onse.

Manje taganizirani kuti chilengezo changoti 14 koloko, ndipo anthu onse 60 asunga nthawi bwinobwino, afika 14 yeniyeni. Palibe wachedwa, koma theka la pulogalamu lathera pa mzere wa pakhomo. Mbali imene imafa ndi ya mafunso, pakuti akuluakulu a ku ofesi amakamba poyamba. Mnyamata amene wapalasa njinga kuchokera kufupi ndi malire kudzafunsa kuti fomu aipereke kwa ndani abwerera ndi funso lake. Mlandu si wake. Ndi wa amene analemba nambala imodzi pamene zinafunika ziwiri.

Kuno ku Vubwi kuli kanthu kena. Tili pa malire ndi Malawi komanso Mozambiki, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale tsidya lina. Wotchi ndi imodzi m'maiko onse atatu, koma kanenedwe kasiyana: ife timati 14, achibale a ku Mchinji amati 2 koloko masana. Agogo ambiri naonso 14 saiwerengera, amayang'ana dzuwa. Sizitenga mpweya wambiri kunena kuti "13 koloko, ndiko kuti 1 koloko masana, tikangotha kudya nsima."

Chovuta kwambiri ndi kakambidwe. Ambiri a ife timaopa kuuza anthu kuti afulumire chifukwa tidziwa mmene zimamvekera zikachoka pakamwa pa wachinyamata. "Osachedwa!" "Sungani nthawi!" "Wochedwa asalowe!" Mawu otere amakhala bwino pakamwa pa a hedi akamakamba ndi ana a giredi 7. Ukawatumiza pa gulu la WhatsApp mmene muli amalume ako ndi a mai busa, wina amayankha mumtima kuti, "Ndani wamuika ufumu mwana uyu?" Ndipo amachedwa dala kuti aonetse kuti salamulidwa.

Chimene chimapangitsa uthenga kumveka waukali si kusowa kwa "chonde". Munthu angalembe "chonde" katatu koma uthenga n'kukhalabe wonyoza, ngati uganizira kale kuti owerenga ndi ochedwa. "Chonde tisachite za nthawi ya chiZambia" ndi chitonzo chovala jekete la nthabwala. Chimene chimachotsa ukali ndi kupereka chifukwa. Mukauza munthu kuti afike 13 osanena chifukwa, mwamulamula. Mukamuuza kuti kulemba maina kutenga theka la ola ndipo wailesi itidula 15, mwamupatsa zimene inu mudziwa, ndipo adziwerengera yekha monga munthu wamkulu.

Chinenero chathu chimatithandizanso. "Fikani" ndi lamulo ngakhale lili ndi ulemu wake. "Mufike" ndi lofewerapo. "Tifike" limaika wokambayo mu mzere womwewo ndi anzake, ndipo n'chifukwa chake ife timakonda limeneli, malinga ngati wokambayo adzapezekadi pakhomo nthawiyo. Chilengezo cha chitsanzo chathu chingamveke motere:

"Achinyamata a ku Vubwi, tikuitanani pa Chisanu ku holo ya pa boma, kudzakambirana za thandizo la maphunziro la CDF. Khomo litseguka 13 koloko, 1 koloko masana, ndipo kulemba maina kuyamba pomwepo. Pulogalamu ilowa pa wailesi 14 koloko ndendende ndi kutha 15. Tifike 13 kuti aliyense alembedwe ndi kukhala pansi tisanalowe pa wailesi. Mafunso adzatsata mndandanda wa maina. Amene njira iwachedwetse, lowani ndithu mwakachetechete, malo alipo kumbuyo."

Mulibe "osachedwa" m'menemo, koma wowerenga aona yekha chimene ataya akachedwa: dzina lake likhala pansi pa mndandanda. Chiganizo chomalizacho ena amachikana, amati chipatsa anthu chilolezo chochedwa. Ife sitivomereza. Aliyense amene anayendapo mseu wa Chipata kupita ku Vubwi nthawi ya dzinja adziwa kuti si kuchedwa konse kumene kuli kwa ulesi. Mtsinje ukadzala umadikira, tcheni cha njinga chikaduka umakankha. Munthu wotere akaopa manyazi a pakhomo amabwerera panjira, ndipo mwina ndi amene anafunikira kwambiri kumva nkhaniyo.

Koma kupempha anthu kufika msanga kuli ndi ngongole yake, ndipo wolipira ndi wopemphayo. Ola limodzi kwa wokwezetsa anthu pa njinga yamoto kapena kwa mai wogulitsa tomato pa msika ndi ndalama. Ngati mwapempha 13, ndiye 13 khomo likhale lotsegula, cholembera chili pa tebulo, munthu wolandira alendo waima. Musapemphe 12 pamene ntchito ifuna 13 chabe. Ndipo 14 ikakwana, yambani, ngakhale mipando yodzala ndi 15 yokha. Pali njira yosavuta yodziwira ngati anthu asiya kukhulupirira nthawi yanu: foni imayamba kulira 14 itakwana kale, wina ali kunyumba kwake afunsa kuti, "Mwayamba?" Ameneyo sanaiwale nthawi. Afuna kudziwa nthawi yeniyeni imene simunalembe. Yankho la "tayamba" likabwera misonkhano iwiri kapena itatu motsatizana, mafoni otere amachepa.

Nanga mlendo wolemekezeka akachedwa? Apa ndi pamene ambiri timagwa mphwayi, chifukwa sitingayambe popanda iye, komanso sitingamukalipire. Ife tinena kuti konzani dongosolo loti mbali yake ikhale yachiwiri, kuti zoyamba ziyende iye asanafike. Anthu 60 asakhale akapolo a galimoto imodzi.

Akuluakulu a mudzi ndi nkhani ina, ndipo chilengezo cha pa wailesi sichiwakwanira. A nyakwawa kapena a nduna za a mfumu Pembamoyo sauzidwa nthawi pa gulu la WhatsApp pamodzi ndi ana awo. Amapitiridwa kunyumba, kapena kutumiziridwa munthu wamkulu. Safunikanso kuima pa mzere wolemba maina, choncho nthawi yawo yofika ndi ina, mwina 13:40. Ndipo sitinena kuti "mufike". Timati, "Atate, ife ana anu tidzakhala takonza zonse pofika 13:30. Wailesi idzatitsegulira 14 ndendende, ndipo tifuna kuti mawu oyamba kumveka akhale anu. Kodi tidzatume njinga yamoto nthawi yanji kudzakutengani?" Nthawi amaitchula okha, ndipo kawirikawiri amatchula yoyambirira kuposa imene tikanapempha.